Tisanamange Chigayo: Kafukufuku Woona Ngati Ntchito Ingatheke ndi Kalembedwe ka Lipoti Lake

Kabuku aka ndi ka yani?

Banja likagulitsa soya kapena fodya, bambo akalandira ndalama zopumira pa ntchito, kapena mwana amene ali ku Joni akatumiza kangachepe, maganizo a anthu ambiri amathamangira ku chigayo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: nsima imadyedwa tsiku lililonse, ndipo chimanga sichisanduka ufa chokha. Komabe m'misika yambiri ya kumudzi muli nyumba za zigayo zotsekedwa, makina akuchita dzimbiri m'kati. Zina sizinalirepo n'kamodzi komwe chifukwa magetsi oyenera sanafike. Zina zinalira chaka chimodzi, ngongole n'kuzimeza.

Kafukufuku woona ngati ntchito ingatheke amachitika ndalama zisanatuluke m'thumba. Amafunsa mafunso anayi: kodi makina adzagwira ntchito pamalopo, kodi ndalama zidzabwerera, kodi malamulo akulola, ndipo kodi banja lidzakwanitsa kuyendetsa ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Ophunzira a m'makoleji ndi m'sukulu za ntchito zamanja amapatsidwa ntchito imeneyi kuti alembe lipoti lalifupi. Ngati pakhomo panu pali mwana wotere, kapena aliyense wodziwa kulemba ndi kuwerengera, iyeyo angathe kugwira ntchitoyi m'masabata atatu, ndi kope, cholembera, foni ndi ndalama yochepa yoyendera.

Mfundo yaikulu ya kabuku aka ndi iyi: kafukufuku sachitika pofuna kutsimikizira zimene makolo aganiza kale. Ntchito yake ndi kufunafuna chimene chingagwetse bizinesi, ndi kuchipeza msanga, pamene kubwerera m'mbuyo kudakali kosawawa. Lipoti lonena kuti ayi, ngati lapereka zifukwa zomveka, lapulumutsa chuma cha banja.

Titsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: mtsikana wophunzira amene makolo ake akufuna kumanga chigayo cha magetsi pa kamsika ka kwawo. Manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe. Mitengo imasintha kawirikawiri, choncho inu mukafufuze ya kwanuko ndi kuiika m'malo mwa iyi.

Yambani ndi funso limodzi lomveka

Pa tsamba loyamba la kope lembani funso limene mukufuna kuyankha. Funso loti "kodi chigayo chili ndi phindu?" silithandiza, chifukwa kwina chili nalo, kwina chilibe. Mtsikana wa m'chitsanzo chathu analemba chonchi: "Kodi banja lathu, limene lili ndi K8,000,000, lingamange chigayo chogaya ufa pa malo a pafupi ndi msika chaka chino, n'kumabweza ngongole popanda kugulitsa ziweto kapena chimanga cha pakhomo?" Funsoli latchula malo, nthawi, ndalama zimene zilipo ndi chimene banja silikufuna kutaya. Zonse zimene adzafufuze ziyenera kuthandiza kuyankha funso limeneli basi.

Funso loyamba: kodi makina adzagwira ntchito pamalopo?

Yambani ndi magetsi, chifukwa ndi pamene zigayo zambiri zimakanikira. Magetsi a m'nyumba, amene amayatsa mababu ndi kutchaja mafoni, ndi a mphamvu ya mavoti 230. Mota ya chigayo chachikulu imafuna magetsi ena, a mavoti 400, amene amisiri amawatchula kuti firii feyizi chifukwa amayenda pa mawaya atatu amoto. Kuona mapolo pa msika kapena kuona magolosale akuyaka usiku sikutanthauza kuti magetsi a chigayo alipo. Pa mota iliyonse pamakhala kachitsulo kolembedwa mphamvu yake, monga 15 kW, 400 V, 50 Hz. Jambulani kachitsuloko ndi foni pamene mwapita kwa ogulitsa, chifukwa ndi kamene a ESCOM ndi mmisiri wa magetsi adzafune kuona.

Kenako pezani thiransifoma imene ili pafupi, muyeze mtunda wochokera pamenepo kufika pamalo anu poponda mapazi. Mtunda ukatalika pamafunika mapolo ndi mawaya ambiri, ndipo mphamvu ya magetsi imatsika m'njira. Funso lina ndi loti thiransifomayo ili ndi mpata wonyamula mota ina kapena yadzaza kale. Izi simungazione ndi maso. Pitani ku ofesi ya ESCOM mukapemphe kuti adzaone malo ndi kukupatsani mtengo wolembedwa papepala. Mawu a pakamwa a munthu wina oti "magetsi si vuto, tidzakulumikizani" musawalembe m'lipoti ngati umboni. Ngati pafunika thiransifoma yanuyanu, mtengo wake ungathe kusintha chithunzi chonse cha bizinesi.

Magetsi angafike koma osakhalitsa. Ambiri a magetsi a dziko lino amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ambiri tikukumbukira kuthimathima kumene kunatsatira pamene namondwe wa Ana anawononga malo a Kapichira mu Januwale 2022. Choncho pemphani wa golosale kapena wometa tsitsi pa msikapo kuti kwa masabata awiri azikulemberani nthawi imene magetsi athima ndi imene ayaka. Chofunika kwa inu ndi maola a masana, makamaka m'mawa ndi tsiku la msika, chifukwa ndi pamene amayi amabwera ndi chimanga.

Mukatha za magetsi, onani makinawo. Chigayo chogaya ufa chimaphwanya chimanga ndi nyundo zachitsulo zozungulira mwamphamvu, ufa n'kumadutsa pa sefa. Nyundo zimatha, sefa imabooka, malamba amaduka, mabering'i amalira. Funsani wogulitsa kuti zipangizo zimenezi zimapezeka kuti, koma musakhutire ndi yankho lake lokha. Pitani kwa eni zigayo awiri a kutali ndi kwanu, amene sadzakuonani ngati opikisana nawo, muwafunse kuti chinawonongeka komaliza n'chiyani, anakonza ndani, ndipo chigayo chinaima masiku angati. Safunsa anadya phula. Afunseninso za sitata ndi kachipangizo koteteza mota. Waya mmodzi mwa atatu aja ukasiya kubweretsa magetsi, mota imang'ung'uza, imatentha, ndipo ngati palibe chozimitsa msanga imapsa. Pakhalenso maginito polowera chimanga kuti azigwira misomali ndi tizitsulo, chifukwa msomali umodzi ndi wokwanira kung'amba sefa.

Mtsikana wathu anapeza kuti thiransifoma ili pa mtunda wa mapazi pafupifupi 150, magetsi a firii feyizi alipo, ndipo makina a mota ya makilowati 15 amagaya ndowa pafupifupi 20 pa ola. Nambala yomalizayi sanaitenge kwa wogulitsa. Anaima yekha pa chigayo china chokhala ndi mota yofanana, akuwerenga ndowa ndi kuyang'ana nthawi pa foni.

Funso lachiwiri: kodi ndalama zidzabwerera?

Apa ndi pamene pafunika kudekha kwambiri, chifukwa mtima umafulumira kukhulupirira manambala okoma. Yambani ndi ogayitsa, osati ndi mtengo wa makina.

Mtsikanayu anapita kwa mafumu a midzi yozungulira, amene amadziwa mabanja a m'midzi mwawo, ndipo anapeza mabanja 440 okhala pa mtunda woti mayi atha kuyenda atasenza ndowa. Anacheza ndi amayi a m'mabanja 30 a m'midzi yosiyanasiyana. Sanawafunse kuti "kodi mudzabwera tikatsegula chigayo?" chifukwa funso lotere aliyense amayankha kuti inde pofuna kukusangalatsa. Anafunsa zimene zinachitika kale: mwezi wathawu munagayitsa kangati, ndowa zingati, kuti, pa mtengo wanji, nanga mu Febuluwale zinali bwanji. Anapeza kuti banja limodzi limagayitsa ndowa pafupifupi zitatu pa mwezi chimanga chikakhalapo. Mabanja 440 kuchulukitsa ndi 3 ndi ndowa 1,320 pa mwezi.

Ndowa zonsezi sizidzabwera kwa inu. Pa mtunda wa makilomita 6 panali chigayo china chokhala ndi makina okonola. Amayi ofuna ufa woyera ayenera kukonola chimanga, kuviika mphale, kuyanika, kenako n'kugayitsa, ndipo ambiri amabwerera komwe anakonoletsa. Ena amagayitsa kumeneko chifukwa ndi njira ya ku chipatala. Poona mayankho a amayi aja, mtsikanayu anawerengera theka lokha: ndowa 660 pa mwezi. Ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene nkhokwe zambiri zapepuka, mayankho anaonetsa kuti ntchito imatsika ndi theka linanso, kufika pa ndowa 330.

Taonani chimene manambalawa akuulula. Ndowa 660 pa masiku 26 ogwira ntchito ndi ndowa 25 pa tsiku, pamene makina amagaya 20 pa ola. Ndiye kuti ntchito ya tsiku lonse ndi ya ola limodzi ndi mphindi zochepa. Chimene chidzachepe ndi ogayitsa, osati mphamvu ya makina. Bambo ake ankafuna chigayo chokulirapo kuposa chimenechi, koma nambala iyi yokha inathetsa nkhaniyo.

Tsopano gawani zolipira m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi zimene zimakwera ndowa zikachuluka. Mota ya makilowati 15 ikayenda ola lathunthu imadya mayunitsi pafupifupi 15, ndiye pa ndowa 20 ndi kuchepera pa yunitsi imodzi pa ndowa. Koma chigayo chimalizidwa ndi kuzimitsidwa kambirimbiri, nthawi zina n'kumazungulira chopanda kanthu, choncho ndi bwino kuwerengera yunitsi imodzi yathunthu. Tiyerekeze kuti yunitsi ndi K300, ndipo kutha kwa nyundo, sefa, malamba ndi girizi ndi K150 pa ndowa. Zonse ndi K450. Ngati kugayitsa ndowa ndi K1,500, pa ndowa iliyonse pakutsala K1,050.

Gulu lachiwiri ndi zimene mudzalipira mwezi uliwonse, kaya anthu abwera kaya sanabwere:

- malipiro a woyendetsa chigayo: K130,000
- malipiro a mlonda: K130,000
- laisensi ndi zina zazing'ono, zogawidwa pa mwezi: K20,000
- ndalama yosungira kudzagula makina ena: K100,000
- kubweza ngongole: K250,000

Zonse pamodzi ndi K630,000. Mzere wachinayi ndi umene anthu ambiri amauiwala. Makina a K7,200,000 amene mukuyembekeza kuti akhala zaka 6, zimene ndi miyezi 72, akutha ndi K100,000 mwezi uliwonse ngakhale palibe amene akubwera kudzakulipiritsani. Mukadya ndalama imeneyi, tsiku limene mota idzapse chigayo chidzatsekedwa. Ngongole yabwera chifukwa zoyambira zonse zinakwana K12,000,000: makina ndi mota K7,200,000, nyumba ndi maziko a simenti K3,000,000, kulumikiza magetsi ndi mawaya K1,800,000. Banja linali ndi K8,000,000, ndiye linafuna kukongola K4,000,000, yobweza K250,000 pa mwezi kwa miyezi 24.

Kuti mudziwe ndowa zimene zikufunika kuti musaluze, gawani zolipira za pa mwezi ndi ndalama yotsala pa ndowa imodzi: K630,000 kugawa ndi K1,050 ndi ndowa 600. Iyi ndiyo nambala yofunika kuposa zonse m'lipoti. M'miyezi isanu ndi inayi yabwino, ndowa 660 zikubweretsa K693,000, ndiye phindu ndi K63,000 pa mwezi, kapena K567,000 pa miyezi yonseyo. M'miyezi itatu ya njala, ndowa 330 zikubweretsa K346,500 yokha, kuperewera ndi K283,500 pa mwezi, kapena K850,500 pa miyezi itatu. Chaka chikamatha banja lapereweredwa K283,500, ndipo kupereweraku kukugwa pa nthawi imene pakhomo pakufunikanso ndalama ya fizi ndi chakudya. Apa ndi pamene mbuzi zimayamba kugulitsidwa.

Lipoti labwino siliimira pomwepa. Limafunsa kuti tisinthe chiyani kuti zitheke. Mtsikanayu anayesa kuchepetsa ngongole ndi theka, kuti kubweza kukhale K125,000 pa mwezi. Zolipira za pa mwezi zinatsika kufika pa K505,000, ndipo ndowa zofunika zinakhala 481. Miyezi yabwino inayamba kusiya K188,000 uliwonse, miyezi ya njala kuperewera K158,500 uliwonse, ndipo chaka chonse chinasiya K1,216,500. Kenako anadzifunsa kuti, nanga ngati ndalakwitsa, n'kubwera mabanja anayi okha pa khumi alionse m'malo mwa asanu? Zikatero ndowa ndi 528 pa mwezi. Ndi ngongole yaikulu ija, 528 ndi yochepera pa 600, ndiye ngakhale miyezi yabwino ndi yoluza. Ndi ngongole yochepetsedwa, 528 ikuposa 481, ndiye miyezi yabwino chigayo chikudzilipira chokha. Yesani chimodzimodzi ndi mtengo wa magetsi: muukweze, muone ngati bizinesi ikuimabe.

Funso lachitatu: kodi malamulo akulola?

Nkhani yoyamba ndi malo. Chigayo chimamangidwa pa simenti, sichinyamulika ngati benchi ya tomato. Ngati malo ndi a makolo, fufuzani kuti ndi a mbumba iti. Kumadera a chikamwini, bambo angamange ndi ndalama zake pa malo a kuchikazi, ndipo banja likasokonekera kapena wina akamwalira, funso loti chigayo n'cha yani limasanduka mlandu. Khalani pansi ndi eni mbumba pamaso pa amfumu, mulembe zimene mwagwirizana, mboni zisayine. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo otere, choncho kafunseni ku ofesi ya za malo kwa DC kuti kwanuko zafika pati. Onetsetsaninso kuti malowo sali m'mbali mwa msewu mmene boma limaletsa kumangamo, kapena pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi. Ngati ndi malo a pa msika, khonsolo ndi imene ili ndi mawu.

Nkhani yachiwiri ndi mapepala a bizinesi. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku boma, laisensi yochitira malonda imatengedwa ku khonsolo ndipo imakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo nambala ya msonkho, imene amati TPIN, imatengedwa ku MRA. Popeza ufa ndi chakudya, alangizi a zaumoyo ali ndi mphamvu yoyendera malo: adzafuna kuona chimbudzi, madzi osamba m'manja ndi ukhondo wa m'nyumbamo. Ngati mudzagwiritsa ntchito sikelo pochita malonda, kapena mukuganiza zodzapakira ufa m'mapaketi n'kumagulitsa, pamenepo mwalowa m'manja mwa bungwe loona za miyezo la MBS. Mawaya a m'chigayo aikidwe ndi mmisiri wokhala ndi chiphaso chovomerezeka ndi bungwe la MERA, osati aliyense wodziwa kulumikiza babu.

Nkhani yachitatu ndi antchito. Boma limaika malipiro ochepetsetsa amene wolemba ntchito sayenera kutsikirapo, ndipo amasintha, choncho funsani ku ofesi ya zantchito musanaike nambala m'lipoti. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Pa chigayo pali malamba othamanga, fumbi ndi phokoso, choncho si malo oikapo mwana wa pakhomo kuti azithandiza akaweruka ku sukulu.

Pa chilichonse mwa izi lembani zinthu zinayi: chikufunika n'chiyani, chimatengedwa ku ofesi iti, ndalama zingati, ndipo chimatenga nthawi yaitali bwanji. Mtsikana wathu anapeza kuti zonse zinali zotheka, kupatula chimodzi: malo anali a agogo ake akuchikazi, ndipo amalume ake anali asanauzidwe n'komwe.

Funso lachinayi: kodi banja lidzakwanitsa kuyendetsa?

Makina angakhale abwino, manambala n'kukhala okoma, mapepala n'kukwanira, koma chigayo n'kugwa chifukwa cha kayendetsedwe. Njira yosavuta yofufuzira izi ndi kulemba tsiku limodzi la ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kuika dzina la munthu pa ntchito iliyonse. Adzatsegula ndani? Adzalandira ndalama ndani? Adzagula mayunitsi ndani? Mu Disembala, banja lonse likakhala kumunda, pa chigayo padzakhala ndani? Nanga woyendetsa chigayo akadwala kapena akapita ku maliro, alipo wina wodziwa kuliza ndi kuzimitsa mota bwinobwino?

Woyendetsa makina asakhale yemweyo wosunga ndalama. Ndipo pali njira yodziwira ngati ndalama zikusowa popanda kukangana ndi munthu. Lembani nambala ya pa mita m'mawa ndi madzulo, muyerekeze ndi ndowa zolembedwa m'kope. M'masabata oyamba, mwini wake ali pomwepo, mudzadziwa kuti ndowa imodzi imadya mayunitsi angati. Tsiku lina mita ikaonetsa mayunitsi 30 koma m'kope muli ndowa 18, pali zifukwa ziwiri zoyenera kufufuza: mwina ndowa zina sizinalembedwe, kapena nyundo zatha ndipo makina akuchedwa kugaya. Zonse ziwiri zikudya ndalama zanu.

Kambiranani za abale nthawi idakalipo. Azakhali akabwera ndi ndowa ziwiri, adzalipira kapena ayi? Nanga chimanga cha pa maliro ndi pa ukwati? Mwambo wathu sulola kubweza m'bale pa zovuta, choncho ndi bwino kuikiratu malire, mwachitsanzo ndowa zingapo pa mwezi, n'kuziwerengera ngati zolipira. Gwirizananinso za chimanga chosauma. M'miyezi yoyamba kukolola anthu amabwera ndi chimanga chachinyezi, chimene chimamata pa sefa ndi kulemetsa mota. Woyendetsa chigayo akhale ndi chilolezo chobweza chimanga chotere kuti chikayanikidwe, ngakhale mwini wake akhale mkulu wolemekezeka. Pomaliza, malamba akhale ndi chotchinga, ndipo wantchito akhale ndi chophimba pamphuno ndi zoteteza makutu. Izi ziikidwe pa mtengo woyambira.

Kalembedwe ka lipoti

Lipoti lisapitirire masamba asanu. Amene adzaliwerenge ndi aphunzitsi, makolo, mwinanso okongoza ndalama, ndipo onsewa akufuna yankho ndi umboni wake. Ndondomeko yake ikhale iyi:

1. Mutu, dzina la wolemba ndi tsiku. Tsiku ndi lofunika chifukwa mitengo imene mwalemba ndi ya nthawi imeneyo.
2. Chidule cha ndime imodzi, chokhala ndi yankho. Chimalembedwa pomaliza koma chimaikidwa poyamba.
3. Funso la kafukufuku ndi njira imene munatsata: munacheza ndi anthu angati, munayeza chiyani, munapita ku maofesi ati.
4. Magawo anayi a zimene mwapeza. Gawo lililonse lithere ndi chiganizo chimodzi chonena kuti zatheka, zakanika, kapena zitheka pokhapokha chakutichakuti chitachitika.
5. Zimene zingasokoneze, ndi chochita pa chilichonse.
6. Malangizo anu omaliza.
7. Zomata kumapeto: mitengo yolembedwa ya ogulitsa, mafunso amene munafunsa, ndi ndandanda ya kuthima kwa magetsi.

Pa nambala iliyonse onetsani kumene yachokera. Pali kusiyana pakati pa zimene munayeza nokha, zimene munauzidwa, ndi zimene mwangoganizira. Ndowa 20 pa ola zinayezedwa. Ndowa zitatu pa banja zinachokera kwa amayi 30. Theka la mabanja ndi kuganizira chabe, ndipo n'chifukwa chake nambalayi inayesedwa kawiri. Wowerenga akadziwa zimenezi amadziwanso poyenera kukayikira. Mayina a amayi amene munacheza nawo musawalembe.

Chidule cha mtsikana wa m'chitsanzo chathu chinali chotere: "Chigayo chingatheke pamalowa, koma osati chaka chino ndi ngongole ya K4,000,000. Magetsi oyenera alipo ndipo makina a makilowati 15 ndi okwanira. Ndi ngongole imeneyi pakufunika ndowa 600 pa mwezi, pamene tikuyembekeza 660 m'miyezi yabwino ndi 330 m'miyezi ya njala, choncho chaka chithera kuperewera K283,500. Ndikulangiza kuti tidikire zokolola zikubwerazi kuti ngongole isapitirire K2,000,000, tilandire kaye mtengo wolembedwa wochokera ku ESCOM, ndipo nkhani ya malo ilembedwe pamaso pa amfumu ndi amalume tisanagule njerwa."

Lipoti likatha

Werengani lipotilo mokweza pamaso pa onse amene aikapo ndalama kapena malo, mayi ndi bambo ali pomwepo, chifukwa amayi ndi amene amadziwa bwino za ndowa, mitengo ndi kumene anzawo amagayitsa. Inu makolo, mwana akabwera ndi yankho losiyana ndi zimene mumayembekeza, musamuyese wamwano. Mufunseni kuti nambala yakutiyakuti anaipeza bwanji, ndipo ngati mukuona kuti yalakwika, muisinthe limodzi n'kuwerengeranso.

Mukagwirizana zopitiriza, tsatirani ndondomeko yoyambira pa zosawononga ndalama zambiri: pepala la malo poyamba, kenako mtengo wolembedwa wa magetsi, kenako mapepala a ku khonsolo, kenako nyumba, ndipo makina pomaliza. Pakadutsa miyezi isanu ndi umodzi musanayambe, kapena mtengo wa magetsi ukasintha, kapena wina akatsegula chigayo pafupi, bwererani ku gawo la ndalama, muike manambala atsopano, muonenso kuti ndowa zofunika pa mwezi zafika zingati musanalipire kalikonse.